Makilomita ambiri okhala ndi sevisi, kapena ochepa opanda chisamaliro: zimene tinapeza pa galimoto ziwiri

Munthu akafuna kugula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito mu Blantyre muno, funso lake loyamba kwa wogulitsa limakhala la mayileji, ndipo mtengo umakambidwa potsatira nambala imene ikuoneka pa dashibodi. Ine ndakhala ndikuyendetsa ndi kusamala galimoto zakale zochokera ku Japan kwa nthawi yaitali, ndipo maganizo anga ndi akuti galimoto imene yayenda makilomita ambiri koma yakhala ikulandira sevisi pa nthawi yake ndi yabwino kugula kuposa imene yayenda pang'ono koma mwini wake ankainyalanyaza. Mawu amenewa ali ndi malire ake, ndipo ndifotokoza zonse kudzera pa galimoto ziwiri zimene ndinathandiza alamu anga kuyendera pamene ankafuna galimoto yopitira kuntchito ndi yoperekezera ana kusukulu kuchokera ku Machinjiri.

Mwayi unali wakuti galimoto ziwirizo zinali za mtundu umodzi, Toyota Corolla Axio za chaka cha 2011, zokhala ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, choncho kuziyerekeza kunali kosavuta. Yoyamba inkaonetsa makilomita 68,000. Inalowa m'dziko muno ili pa 52,000, ndipo mayi amene anaigula ankangoyendera kuchokera ku Namiwawa kupita m'tauni ndi kutchalitchi kwa zaka zisanu, kenaka inaima pabwalo kwa nthawi yopitirira chaka iwo atasamukira kunja kwa dziko. Penti yake inali yowala, mipando inali ngati yatsopano, ndipo m'bale wawo amene ankaigulitsa anaika mtengo wokwera ndithu. Yachiwiri inkaonetsa makilomita 214,000. Inabwera ili pa 90,000, ndipo bambo amene ankaiyendetsa ankapita nayo ku Lilongwe pafupipafupi pa ntchito yawo. Boneti yake inali ndi timabala ta miyala ya mumsewu, chiwongolero chinali chosalala chifukwa cha kugwiridwa, ndipo mtengo wake unali wotsikirapo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Alamu anga mtima wawo unali kale pa yoyambayo, ndipo sindinawadabwe.

Chimene chimatha injini kwambiri ndi oyilo wokalamba pamodzi ndi kulizidwa ili yozizira, ndipo zinthu ziwiri zonsezi nambala ya pa dashibodi siziwerenga. Injini ikagona usiku, oyilo amatsikira pansi mu sampu, moti pa masekondi oyamba italizidwa zitsulo zimakhudzana zisanalandire oyilo wokwanira. Komanso petulo akamayaka amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo nthunzi ina pamodzi ndi petulo wosapsa bwino zimadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kulowa mu oyilo. Pa ulendo wautali injini imatentha mokwanira kwa maola angapo ndipo zonyansazo zimauluka. Pa ulendo wa mphindi khumi zimatsalira momwemo, n'kumaunjikana tsiku ndi tsiku mpaka oyilo atasanduka matope.

Tiyeni tiwerengere pa galimoto ziwirizi. Ulendo wa ku Lilongwe kudzera ku Zalewa ndi wa makilomita opitirira 300, ndipo injini imalizidwa yozizira kamodzi kokha, kenaka imayenda pa liwiro lokhazikika, giyabokosi ndi mabuleki zikugwira ntchito yochepa. Galimoto ya ku Namiwawa ija, imene ulendo wake sunkapitirira makilomita 5, inkafunika kulizidwa yozizira maulendo 60 kuti ikwanitse mtunda womwewo, ikukwera ndi kutsika zitunda za mzinda uno ndi kuimaima pa mizere ya m'mawa. Titafunsa za sevisi, wogulitsayo anayankha moona mtima kuti oyilo ankasinthidwa makilomita 5,000 akakwana. Lamulo limenelo ndi labwino, koma lili ndi mbali yachiwiri imene anthu ambiri amaiiwala, yakuti makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Galimoto imene yayenda makilomita 16,000 okha pa zaka zisanu, potsatira makilomita okha, inasinthidwa oyilo katatu basi, kutanthauza kuti oyilo mmodzi ankakhala mu injini kwa nthawi yoposa chaka ndi theka. Inzake ija, pa makilomita 124,000 amene inayenda kuno, inasinthidwa oyilo pafupifupi maulendo 25.

Tinapita kukaona yoyambayo m'mawa kwambiri pamodzi ndi makaniko amene ndimamudalira, ndipo tinapempha wogulitsa kuti asailize tisanafike. Pempho limeneli ndi lofunika kuposa mmene limaonekera, chifukwa injini yotentha kale imabisa phokoso ndi utsi zimene zimaoneka pa kuliza koyamba kokha. Makaniko uja anayamba wagwira boneti ndi dzanja kuti atsimikize kuti ndi yozizira, kenaka anatsegula chivundikiro chothirira oyilo n'kuunika mkati ndi tochi ya pa foni. Mu injini yosamalidwa, zitsulo zimene zimaoneka pabowo limenelo zimakhala zoyera kapena zachikasu pang'ono. Mmene munali mu iyi munali zakuda zokhuthala, zomatirira ngati phala lopserera pansi pa poto, ndipo atapala kunsi kwa chivundikirocho ndi chikhadabo zinatuluka zolimba n'kutsalira pa chala.

"Achimwene, taonani kuno," anatero makanikoyo. "Oyilo amene ali pa kachitsulo koyezeraka ndi watsopano, amuthira posachedwa pokonzekera kugulitsa. Koma izi zili m'mwambazi ndi za zaka zambiri, ndipo oyilo watsopano sangazichotse."

Apa pali phunziro limene ndimafuna wogula aliyense alidziwe: kachitsulo koyezera oyilo kamangonena za oyilo wa sabata ino, pamene kunsi kwa chivundikiro kumanena mbiri ya injini. Matope oterewa ndi oopsa kwambiri pa injini ya 1NZ-FE chifukwa imagwiritsa ntchito tcheni cha taiming'i ndi makina a VVT-i, amene amasintha nthawi yotsegukira mavalavu, ndipo zonse ziwiri zimadalira oyilo woyera wodutsa m'timabowo ting'onoting'ono. Pali kasefa kakang'ono kamene kamateteza valavu ya VVT-i, ndipo kakatsekeka injini imataya mphamvu n'kuyatsa nyali ya chenjezo. Pansi mu sampu palinso sefa ya paipi imene pampu imakokera oyilo, ndipo iyoyo ikatsekeka ndi matope, maberingi a injini amauma n'kuyamba kugogoda. Wogulitsa ataliza injiniyo tinamva kusokosera kwa tcheni kwa masekondi angapo, ndipo ku ekizozi kunatuluka utsi wabuluu umene unabwereranso makanikoyo atapondereza mafuta injini itatentha. Utsi wabuluu umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, pamene utsi woyera wokhuthala umene sukutha ngakhale injini itatentha umasonyeza kuti madzi akulowa mu silinda.

Ku rediyeta nkhani inali yomweyo. Titatsegula chivundikiro, injini ili yozizira chifukwa kutsegula ili yotentha n'koopsa, tinapeza madzi ofiirira a dzimbiri m'malo mwa kulanti wapinki kapena wofiira. Wina ankangowonjezera madzi a pampopi kwa zaka. Kulanti ali ndi mankhwala oteteza zitsulo kuti zisadyeke, ndipo mankhwalawo amatha mphamvu ndi nthawi, kaya galimoto ikuyenda kaya yaima. Akatha, wota pampu, rediyeta ndi gasiketi ya hedi zimayamba kudyeka mkati, ndipo vutolo limadzaonekera tsiku limene galimoto yadzaza anthu ikukwera chitunda kukutentha mu Okutobala.

Chomaliza pa injiniyo chinali kuyeza kompuresheni, kutanthauza mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya, ntchito imene imatenga nthawi yosakwana ola ndipo garaja zambiri za ku Ginnery Corner ndi ku Limbe zili ndi geji yake. Makaniko amachotsa mapulagi onse anayi, amalumikiza geji pabowo la pulagi, n'kuzungulitsa injini ndi sitata. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa masilinda, ndipo amakaniko ambiri amati asasiyane ndi zoposa 10 peresenti. Galimoto iyi inapereka 190, 186, 150 ndi 188 psi. Silinda yachitatu inali yotsika ndi zoposa 20 peresenti. Makanikoyo anathira kasupuni ka oyilo mu silinda imeneyo n'kuyezanso, ndipo geji inakwera kufika pa 180. Oyilo akakweza nambala motero ndiye kuti vuto lili ku maring'i a pisitoni, amene mwina anatha kapena anamatirira m'mizere yawo chifukwa cha matope aja. Nambala ikadapanda kusintha, tikadakayikira mavalavu kapena gasiketi. Mulimonsemo, mankhwala ake ndi kutsegula injini kapena kugula ina.

Zotsalazo tinangozionera pamwamba, popeza zinali zoyembekezereka pa galimoto yoima: batire lofooka, mabuleki a kumbuyo ogwira okha chifukwa cha dzimbiri, ndi petulo wonunkha ukalamba m'thanki. Matayala anali ndi mapanga akuya bwino, koma m'mbali mwake munali ming'alu, ndipo manambala anayi omaliza pa chizindikiro cha DOT anali 2316, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Labala amauma ndi dzuwa ngakhale tayala lisanayende, ndipo matayala amenewo sakanapirira ulendo wa ku Mangochi.

Kwa bambo a galimoto yachiwiri tinalandiridwa ndi envelopu yaikulu ya malisiti pamodzi ndi kope la sukulu limene ankalembamo tsiku, makilomita ndi ntchito imene yachitika. Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa mawu akuti "yosamalidwa bwino" ali pakamwa pa wogulitsa aliyense, ndipo buku la sevisi likhoza kudzazidwa usiku umodzi. Tinayang'ana ngati masiku ndi makilomita zikukwera mogwirizana, ndipo tinapeza kuti pakati pa sevisi ina ndi inzake panali pafupifupi miyezi itatu, zimene zikugwirizana ndi munthu woyenda makilomita pafupifupi 20,000 pa chaka. Malisiti anali a mapepala osiyanasiyana, ena atafufuma ndi ukalamba, olembedwa ndi manja osiyana ndi zolembera zosiyana. Buku limene masamba ake onse alembedwa ndi cholembera chimodzi, inki ikuoneka yatsopano kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, liyenera kukayikiridwa. Tinaimbiranso garaja imene inkapanga sevisiyo, ndipo anaidziwa galimotoyo pongotchula nambala yake.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri m'kopemo sichinali oyilo yekha, koma ntchito zina zimene anthu amazizemba chifukwa ndi zodula. Oyilo wa giyabokosi anasinthidwa kawiri, ndipo lisiti linkatchula kuti anali wa CVT. Mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa giyabokosi ya CVT imayendera lamba wachitsulo wogwira pa mapule awiri, ndipo ikathiridwa oyilo wa giyabokosi wamba wa ATF lambayo amaterera n'kuwononga mapulewo. Kulanti anasinthidwa pamodzi ndi wota pampu pa makilomita 160,000, mapulagi ndi fyuluta ya mpweya zinalembedwa pa nthawi yake, ndipo mafuta a mabuleki, amene amayamwa chinyezi ndipo amayenera kusinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse, nawonso analipo.

Komabe pepala ndi pepala, choncho tinaiyeza chimodzimodzi. Kunsi kwa chivundikiro cha oyilo kunali kofiirira pang'ono koma kosalala, ndipo zitsulo za mkati zinkanyezimira pa tochi. Italizidwa yozizira inangolira mwakachetechete, popanda utsi. Kompuresheni inali 182, 180, 178 ndi 181 psi. Manambalawa ndi otsikirapo poyerekeza ndi masilinda atatu abwino a galimoto ija, ndipo ndi mmene zimakhalira pa injini yoyenda mtunda wautali, koma anali ofanana bwino, kusonyeza kuti injini yakhala ikutha pang'onopang'ono ndiponso mofanana paliponse.

Poyesa giyabokosi tinakwera msewu wa Masauko Chipembere kuchokera ku Ginnery Corner kudutsa pa Chichiri mpaka ku Limbe, anthu anayi tili mkati. Pa CVT yabwino, liwiro limakwera mosalala pamodzi ndi kulira kwa injini. Zizindikiro zoipa ndi kunjenjemera ponyamuka, kulira kwa mluzu kumene kumakula ndi liwiro, injini kukuwa galimoto isakuwonjezera liwiro, ndi kuchedwa kugwira munthu akaika pa D kapena pa R. Palibe chimene tinamva mwa zimenezi, ngakhale titabwereza giyabokosi itatentha, imene ili nthawi yomwe mavuto ake amakonda kuonekera. Koma titalowa mumsewu wafumbi wa mabampu, makilomita aja anadzionetsa. Kutsogolo kunkagogoda, ndipo titaikweza pa jeke tinapeza mashoko awiri akudontha, mabushi ong'ambika, labala wa CV wa kumanzere, amene amaphimba cholumikizira cha shafuti yozunguza gudumu, ali wosweka, ndi beringi ya gudumu la kumbuyo ikulira.

Alamu anga ataona mndandanda umenewo anagwa mphwayi. "Alamu, nanga si iyinso ili ndi mavuto ambiri kuposa ija?" anandifunsa. Ndinawayankha kuti tisawerenge kuchuluka kwa mavuto koma tione mtundu wake. Zonse zimene tinapeza pa galimoto yachiwiriyi ndi zitsulo zimene zinapangidwa kuti zizitha ndi kusinthidwa, zimaoneka ndi maso, zimapezeka m'masitolo a sipeya ku Limbe ndi ku Ndirande, ndipo makaniko akhoza kunena mtengo wake wonse munthu asanapereke ndalama kwa wogulitsa. Zikasinthidwa, mbali imeneyo imabwerera mwakale. Vuto la galimoto yoyambayo linali mkati mwa injini, kumene palibe amene akananena kukula kwake asanatsegule, ndipo likanabwera pamwamba pa matayala anayi, batire, mabuleki ndi rediyeta, pa galimoto imene inali kale yodula. Titawerengera, kusiyana kwa mitengo ya galimoto ziwirizo kunali kokwanira kukonza zonse za kunsi kwa yachiwiriyo, ndalama ina n'kutsalako. Alamu anagula imeneyo, anayamba ndi labala wa CV ndi beringi chifukwa ndi zimene sizikanadikira, ndipo mashoko anasintha mwezi wotsatira. Kufikira pano injiniyo sifuna kuwonjezeredwa oyilo pakati pa sevisi ina ndi inzake.

Pali chinthu china chimene chimandichititsa kusadalira nambala yotsika, ndicho kubwezedwa kwa mita. Pa galimoto ya ku Namiwawa ija mapedulo ndi chiwongolero zinali zatsopano ndithu, choncho makilomita ake anali oona, koma si zonse zimene zili choncho. Galimoto yoonetsa 70,000 imene labala wa pedulo ya buleki watha mpaka chitsulo kuonekera, mpando wa dalaivala utaphwa, ikunena bodza. Ku Japan galimoto imayezedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenaka pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo makilomita a pa kuyezedwa komalizira amalembedwa pa chikalata chimene imatulukira m'dzikomo. Wogula apemphe kuona chikalata chimenecho, ndipo ayang'anenso timapepala ta sevisi timene timamatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena pansi pa boneti. Amene amabweza mita nthawi zambiri amaiwala kuchotsa timapepala timeneti. Galimoto yoonetsa 214,000 ili ndi ubwino umodzi wakuti n'zokayikitsa kuti wina anavutika kuibweza kuti ifike pamenepo.

Sindikunena kuti makilomita ambiri ndi abwino nthawi zonse. Galimoto ya alamu anga ikadzafika poigulitsa idzavuta kupeza wogula pa mtengo wabwino, chifukwa msika wathu umaopabe nambala yopitirira 200,000, ndipo amene akufuna kugulitsanso pakatha chaka chimodzi aganizire zimenezi. Alitaneta, sitata ndi kompuresa ya eyakoni nazonso zili ndi moyo wake ndipo zidzafuna ndalama m'tsogolomu. Giyabokosi ya CVT yopitirira makilomita 200,000 imene ilibe umboni uliwonse wakuti oyilo wake anasinthidwapo ine sindingaigule, ngakhale injini itakhala yoyera bwanji. Sindingagulenso galimoto imene inali takisi kapena kabaza wa m'tauni, chifukwa makilomita ake ndi a kuimaima ndi katundu wolemera, osiyana kotheratu ndi a mumsewu wa M1. Pa injini zokhala ndi lamba wa taiming'i m'malo mwa tcheni, monga 5A-FE ya mu Corolla zakale zija, wogula afunse umboni wakuti lambayo anasinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo ngati palibe, awerengere mtengo wake pa mtengo wa galimoto.

Kunyalanyaza nakonso kuli mitundu iwiri, ndipo kusiyanitsa mitunduyi n'kumene kungapezetse munthu galimoto yabwino pa mtengo wotsika. Pali galimoto imene inkasamalidwa bwino kenaka inangoima, mwina mwini wake atamwalira kapena atasamuka. Yotereyi kunsi kwa chivundikiro cha oyilo kumakhala koyera, kulanti amakhala ndi mtundu wake, ndipo kompuresheni imafanana pa masilinda onse. Imeneyo ndikhoza kuisankha m'malo mwa ya makilomita ambiri, malinga ngati wogulitsa atsitsa mtengo mokwanira kulipira matayala, batire, lamba wa alitaneta ndi kukonza mabuleki. Isanayende ulendo uliwonse, petulo wakale achotsedwe m'thanki kuti asatseke pampu ndi mainjekita, oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe pamodzi ndi kulanti ndi mafuta a mabuleki, ndipo mawaya a pansi pa boneti ndi kuseri kwa dashibodi ayang'anidwe ngati makoswe sanawadye. Oyilo woyambayo asinthidwenso msanga, pakatha makilomita 1,000 kapena 2,000, kuti atulutse chinyezi ndi zonyansa zimene zinakhazikika pa nthawi imene galimotoyo inaima.